Mankhwala Amene Amuna Anga Anawakana

Amuna anga anali kalipentala. Chaka ndi chaka, madzi a Luangwa akangophwera, eni malo ogona alendo a ku Nkwali ankawaitana kuti akakonze makonde, zitseko ndi mipando imene madzi ndi chiswe zawononga. Iwo anali Mkunda wobadwira ku Kakumbi komweko. Ine ndinatsika kuchokera kumtunda, cha ku Katete, ndili mtsikana, pamodzi ndi makolo anga amene ankagulitsa mchere ndi salaula, zovala zovalidwa kale. Chikunda ndinachiphunzira m'banja, ndipo mpaka lero ndikachiyankhula achibale awo amaseka.

Kuti zimene ndikunenazi zimveke, ndiyenera kutchula za mowa. Zaka zoyambirira za banja lathu amuna anga ankamwa kachasu koopsa. Sankandimenya, koma ankasowa. Akalandira malipiro Lachisanu, ndinkawaona Lolemba, nsapato imodzi ili m'manja. Anagulitsapo macheka awo, anagulitsapo nkhuku zanga. Chaka china anapita kukalondera njovu kumunda ataledzera, nagona pansanja osaimba chitini ngakhale kamodzi. Anadzuka m'mawa n'kupeza chimanga chonse chili pansi, ndowe za njovu zikufuka nthunzi pafupi ndi miyendo ya nsanjayo. Anabwera kunyumba, nasamba, nakhala pakhonde tsiku lonse. Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso mowa. Panapita zaka zambiri, ana anakula, iwo anakhala mkulu wa mpingo, ndipo kusiya mowako kunali chinthu chimene ankanyadira kuposa chilichonse chimene anapala ndi manja awo.

Matenda anayamba ndi msana. Tinati n'chifukwa chowerama pamatabwa. Kenako anayamba kuvutika potaya madzi, akumatuluka kawirikawiri koma kumangodontha pang'ono. Pamene anavomera kupita ku Chipata, ululu unali utafika m'chiuno. Adokotala a kumeneko anati ndi khansa ya kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo inali itafalikira kale m'mafupa. Anawayambitsa mankhwala ochepetsa liwiro la matendawo, nawalembetsa pamzere wa anthu odikira kukawotchedwa ndi makina ku Lusaka. Za ululu anati tizionana ndi anamwino a kuchipatala chathu chaching'ono, amene anaphunzira kusamalira anthu odwala matenda otere.

Namwinoyo anali mayi wamfupi, wa imvi pang'ono, woyenda ndi njinga yamoto. Tonse tinkamutchula kuti asisita. Tsiku loyamba anatikhazika pabenchi, natifotokozera kuti mankhwala a ululu wa khansa amayenda ngati makwerero. Pansi pali panado ndi burufeni. Zikalephera, munthu amakwera n'kupatsidwa amphamvu pang'ono, monga tramado. Zikalepheranso, pamwamba pali mofini.

"Sitikwera chifukwa cha masiku amene mwadwala," anatero. "Timakwera chifukwa cha ululu. Inu ndi amene muzitiuza."

Amuna anga anamvetsera bwino mpaka pamene anamva dzina lomalizalo. Anafunsa kuti, "Mofini si uja amapengetsa anthu?"

"Tikadzafika pamenepo tidzakambirana, bambo. Lero tiyambire pansi."

Panado ndi burufeni zinagwira ntchito kwa kanthawi. Burufeniyo ankamwa atadya kuti asawapweteke m'mimba. Anabwereranso kukagwira tintchito topepuka. Nyengo yozizira itatha, ululu unakula, asisita nawonjezera tramado, panado akumwabe. Izi zinatifikitsa m'nyengo yotentha, pamene m'chigwa muno ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Apo tramado anayamba kulephera. Asisita anakweza mlingo mpaka pamene anati sangapitirirenso, chifukwa mankhwala amenewo ali ndi malire, ndipo kuwapyola kumangobweretsa mavuto popanda kuchotsa ululu. Anati nthawi ya mofini yakwana.

Amuna anga anakana. Anakana mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Asisita, ine ndinali kapolo wa botolo. Mulungu anandimasula. Sindingafe ndili kapolo wa botolo lina."

Asisita anayesa kufotokoza, koma iwo anaimirira movutikira, nathokoza, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira. Kunena zoona, mtima wanga unali kumbali yawo. Ndinkadziwa nkhope ya mwamuna amene akufuna chinthu kuposa mkazi wake ndi ana ake, ndipo sindinkafuna kuionanso.

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu amene amakhala ku Mnkhanya, atamva nkhaniyi anabwera panjinga kudzawalimbikitsa. Iwo anali ndi mantha ena. Anati amalume awo anabayidwa mofini kuchipatala, ndipo m'mawa mwake anamwalira.

"Amapatsa anthu amene awatopa nawo," anatero. "Achimwene, mukangomwa, ndiye mwatsanzika."

Masabata otsatirawo sindikonda kuwakumbukira. Amuna anga anasiya kugona pabedi chifukwa kutembenuka kunali kulira. Anagwada pansi n'kutsamira chifuwa pampando, ndipo umo ndi momwe ankakhalira, masana ndi usiku womwe. Mawondo anachita zikang'a. Phala ankangolilawa. Anthu a kumpingo akabwera kudzapemphera, ankalephera kuwayankha, ankangoluma nsalu ya pampando. Munthu amene sanandikalipirepo ngakhale m'masiku a mowa anayamba kundikalipira chifukwa ndatseka chitseko mwamphamvu, chifukwa ndayenda pafupi ndi mwendo wawo. Akatero ankapepesa, misozi ikutsika.

Tsiku lina masana ndinali kusenda mtedza pakhonde pamene anandiitana. Ndinalowa n'kuwapeza atagwada monga mwa masiku onse, thukuta likudontha pachibwano.

"Mayi, tengani njinga."

"Ndipite kuti?"

Osandiyang'ana, anatchula dzina la mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika.

"Kabotolo kamodzi kokha. Ndigoneko pang'ono. Musauze munthu."

Ndinaimirira pamenepo, manja ali ndi makoko a mtedza. Sindinakwiye. Ndinangoona kuti chinthu chimene takhala tikuchithawa chatipeza kudzera njira ina, ndipo chimene chachibweretsa si mankhwala, koma ululu umene tinausiya kuti uzichita zofuna zake. Ndinatenga njinga. Pamphambano ya kumsika ndinatsika n'kuima pansi pa mtengo wa bwemba kwa kanthawi. Kenako ndinakhotera kuchipatala.

Asisita anali kuyeza ana pasikelo. Ndinadikira mpaka atamaliza, ndipo nditalowa ndinawauza zonse, za mpando, za mawondo, za kachasu. Ndinawauzanso za zaka za mowa, zimene ndinali ndisanauzepo mlendo aliyense. Anandimvetsera osandidula. Atatha anaimba foni kwa adokotala a kuchipatala chachikulu cha m'boma lathu, amene ndiwo ankalemba mankhwalawo, ndipo anandiuza kuti ndibwerere kunyumba, abwera mawa m'mawa.

Nditafika amuna anga anayang'ana m'manja mwanga. Ndinawauza kumene ndinapita. Anangoika mutu pampando.

M'mawa asisita anafika ndi njinga yawo yamoto. Anakana mpando umene ndinawapatsa, nakhala pamphasa pafupi ndi wodwalayo kuti nkhope zawo zilingane.

"Mwakhala muli bwanji, bambo, kuyambira tsiku lija munandithawa?"

"Monga mukuonera, asisita."

"Ndikufunseni. Masiku amene munkamwa, mukadzuka m'mawa n'kuthamangira mowa, pankapweteka pati?"

Amuna anga anaganiza. "Palibe."

"Munkaufuniranji?"

"Ndinkangoufuna. Ndikauganiza, malovu ankadzaza m'kamwa. Ndikakhala nawo m'manja, china chilichonse chinkachepa."

"Nanga dzulo, pamene munatuma amayiwa?"

"Dzulo ndimafuna kugona basi."

Asisita anati kusiyana kwake n'kumeneko. Chizolowezi choipa ndi pamene munthu akusakasaka chinthu kuti aledzere nacho, akulephera kudziletsa ngakhale chikumuwonongera banja ndi ntchito. Koma wodwala khansa amene akumwa mofini pamlingo woyezedwa, pa nthawi yake, chifukwa cha ululu weniweni, kawirikawiri safika pamenepo.

"Sindikunamizani kuti mbiri yanu ilibe kanthu," anapitiriza. "Munthu amene anagwidwapo ndi mowa timamuyang'anira kwambiri kuposa ena. Koma kumuyang'anira si kumumana. Botolo azisunga amayiwa, pokhoma. Ndizikupatsani la masiku ochepa, ndipo ndikabwera ndiziona mmene latsikira. Tikaona kuti mwayamba kulifuna popanda ululu, tidzauzana poyera, tonse atatu. Chimodzi chokha ndikuletseni. Mowa ndi mofini siziyendera limodzi. Zikakumana zingathe kukuimitsani kupuma."

"Alongo anga akuti amapha."

"Amalume anu aja ndamva nkhani yawo. Anthu ambiri amapatsidwa mofini mochedwa, atafika kale kumapeto, ndiye achibale amakumbukira jakisoniyo n'kuiwala matenda. Ife tiyamba ndi pang'ono kwambiri, n'kumakweza malinga ndi ululu. Akaperekedwa chotero safupikitsa moyo."

Amuna anga anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. "Mayi, inu ndi amene munavutika nane. Mukuti bwanji?"

Ndinati, "Bambo, ndikuopa. Koma dzulo ndinaopa kwambiri."

Anatseka maso, nagwedeza mutu kuvomera.

Mofiniyo anali wamadzi, m'botolo lapulasitiki. Asisita anandipatsa sirinji yopanda singano, nandionetsa mzere umene ndizilekezera pokoka, n'kundiuza kuti ndiyese kangapo ndi madzi a mumtsuko mpaka anakhutira. Ndinkawathira m'kamwa, cha m'mbali mwa tsaya. Anati tramado asiye, chifukwa mofini walowa m'malo mwake, koma panado apitirize. Anati mankhwalawo mphamvu yake imatha pakapita maola anayi, choncho azimwa maola anayi aliwonse, ululu ulipo kapena palibe. Ananditchera foni kuti izilira sikisi ndi teni m'mawa, fotini awazi masana ndi eyitini awazi madzulo, ndipo wa pogona unali mlingo wowirikiza kuti tonse tigone mpaka m'mawa. Ululu ukabuka pakati, anati ndiwapatse mlingo wina wapadera osadikira, koma ndizikumbukira kuti ndapereka kangati kuti ndidzawauze.

Anasiyanso timapilisi tofewetsa m'mimba. "Awa musaphonye. Nseru ikabwera imatha pamasiku ochepa, tulo tambiri timathanso, koma kudzimbidwa sikutha kokha. Aliyense womwa mofini amadzimbidwa. Azimwa madzi ambiri, ndipo mapapaya ali pabwalowa asamangodyedwa ndi anyani."

Mlingo woyamba anamwa asisita ali pomwepo. Anakwinya nkhope chifukwa cha kuwawa, ndipo tinakhala tikucheza za mvula imene inkachedwa. Ola lisanathe ndinaona mapewa awo akutsika. Anapempha kuti tiwathandize kukwera pabedi.

Anagona tsiku limenelo, nagonanso lotsatira. Ndinkawadzutsa kuti amwe mankhwala ndi phala, ankandiyankha bwinobwino, n'kugonanso. Alamu anga anafika ali m'tulo chomwecho, ndipo atasuzumira m'chipinda anatuluka akulira mokweza, manja ali kumutu.

"Mwawapha achimwene anga! Ndinanena ine!"

Anthu oyandikana nafe anayamba kutuluka m'nyumba. Ndinawagwira dzanja alamuwo n'kuwakokera m'chipinda. Asisita anali atandiuza zoyenera kuyang'ana: ngati munthu akudzuka ukamuitana ndipo akupuma bwino, ndi tulo chabe, tulo ta munthu amene sanagone kwa masabata. Koma ngati akuvuta kudzutsa kapena akupuma mwapatalipatali, ndisapereke mlingo wotsatira, ndiwaimbire nthawi yomweyo. Ndinawagwedeza paphewa.

"Bambo, kwabwera alendo."

Anatsegula maso, nawayang'ana alongo awo, nanena m'Chikunda kuti ngati abwera kumaliro afulumira, abwerere akadyetse nkhumba zawo. Alamu anakhala pansi n'kuyamba kuseka misozi ili m'masaya. Komabe sanakhulupirire. Tsiku lonse ankandiyang'anitsitsa ndikakoka mankhwala, ngati ndikuthira chiphe.

Patapita masiku ochepa tulo tija tinachepa. Nseru inawavuta pang'ono, asisita nawapatsa mapilisi ake, n'kutha. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pakhonde akunola chisel chawo chakale chosemera matabwa pamwala, akudandaula kuti wina wachigwiritsa ntchito potsegula chitini. Anali munthu yemwe uja, wanzeru zake, wosaledzera. Anadya nsomba ndi mpunga. Lamlungu lotsatira mnansi wathu anawanyamula panjinga mpaka kutchalitchi.

Koma mantha sanachoke tsiku limodzi. Atangopeza bwino anayamba kukana mlingo wa masana. Ankati palibe chikupweteka, amwerenji. Ndikuganiza kuti ankafuna kudziyesa ngati angathe kukhala osamwa. Ndinawalola. Pofika madzulo ululu unabwerera ndi ukali wake wonse, ndipo tinavutika mpaka tsiku lotsatira kuti ukhalenso pansi. Asisita atamva sanakalipe.

"Simukumva kuwawa chifukwa mankhwala ali m'thupi, osati chifukwa matenda achoka. Mukadikira kuti ululu uyambe, pamafunika mankhwala ambiri kuti muugonjetse. Imwani usanafike."

Chinthu china chimene chinatiopsa chinali mlingo wapadera uja. Sabata ina anaupempha katatu patsiku, masiku angapo motsatizana. Nthawi iliyonse ankapempha monong'ona, mwamanyazi, ndipo ine ndinkakatsegula sutikesi imene ndinkakhomeramo botolo. Asisita atabwera, iwo anayamba okha kudziulula.

"Asisita, zayambika. Ndayamba kupempha."

"Mumapempha nthawi yanji?"

"Ndikayenda kupita kuchimbudzi. Ndikakhala nthawi yaitali."

"Pamapweteka pati?"

Analoza m'chiuno, kumanzere. Asisita anadina pamenepo pang'ono, iwo nadumpha.

"Mukamwa, ululu ukatha, mumafunanso wina?"

"Ayi."

"Ndiye si chilakolako chimenecho, bambo. Matenda akula pafupa ili, ndipo mlingo umene tinayamba nawo wachepa. Mwachita bwino kupempha, chifukwa mwatiuza mlingo woyenera."

Anakambirana ndi adokotala pafoni, nakweza mlingo wa maola anayi uja. Amuna anga anafunsa kuti akamakweza chonchi, nanga tsiku limene ululu udzafike poipitsitsa padzatsala chiyani. Asisita anati mofini sali ngati tramado, alibe denga loikika. Amakwezedwa pang'onopang'ono malinga ngati ululu ukufuna ndipo thupi likulola, ndiye palibe chifukwa chomusungira mawa.

Mvula itayamba, uthenga unabwera kuti malo apezeka ku Lusaka. Tinakwera basi, botolo lili m'chikwama changa pamodzi ndi kalata ya adokotala yosonyeza kuti ndi mankhwala a wodwala. Ulendo umenewo sakanautha miyezi iwiri m'mbuyomo. Anawawotcha ndi makina pafupa la m'chiuno lija, ndipo tinauzidwa kuti matenda sachira, koma ululu wa pamalopo ungachepe pakapita masabata.

Unachepadi. Chizindikiro choyamba chinali choti anayambanso kuodzera masana, pamlingo womwe uja umene kale sunkawagonetsa. Asisita anati ululu watsika, mankhwala atsala ochuluka, ndipo nthawi yakwana yotsika nawo. Amuna anga anasangalala kwambiri moti anafuna kusiyiratu tsiku lomwelo. Asisita anakana.

"Thupi lazolowera. Mukasiya mwadzidzidzi mudzatuluka thukuta, mudzatsegula m'mimba, mudzanjenjemera, ndipo mudzaganiza kuti mwagwidwa. Kumeneko ndi kuzolowera kwa thupi, kumachitikira aliyense amene wamwa kwa nthawi yaitali, ngakhale abusa. Tichepetsa pang'onopang'ono."

Tinatsika motero, sabata ndi sabata, mpaka anatsala ndi kamlingo kakang'ono kuposa kamene anayamba nako. Ine ndinkawayang'anitsitsa nthawi yonseyo, kudikira nkhope ija ndinkaidziwa. Sinabwere. Sanafunsepo kumene ndimabisa kiyi. Tsiku lina tinapita kumunda kukaona mmene chimanga chamerera, foni n'kuiwala kunyumba. Anakhala pachitsa akukangana ndi mnansi wathu za mpanda wa tsabola wothamangitsira njovu, ngati umagwiradi ntchito kapena njovu za masiku ano zinauzolowera. Tinabwerera dzuwa litapendeka. Ndine ndinakumbukira kuti nthawi ya mankhwala yapitirira kalekale.

Ndikuwathira m'kamwa anandigwira dzanja.

"Mayi, ndinaiwala."

"Tonse tinaiwala."

"Ayi, simukumva. Mowa sindinauiwalepo ngakhale tsiku limodzi. Ngakhale nditausiya, unkandibwerera m'mutu zaka ndi zaka. Koma awa ndawaiwala."

Anakhala pakhonde akumwetulira okha mpaka nkhuku zinalowa.

Tinapatsidwa miyezi yabwino ndithu. Sanabwererenso ku Nkwali, koma anyamata amene anawaphunzitsa ntchito ankabwera kudzafunsa nzeru, iwo n'kumajambula pansi ndi kamtengo. Anaona mwana wathu wamkazi womaliza akukwatiwa, ndipo anakhala paphwando mpaka kumapeto. Anapalira mdzukulu wathu kampando, pang'onopang'ono, akupumira.

Kenako matenda anatulukira pena, m'nthiti ndi kumsana. Ulendo uno sanadikire kuti ndiwaone akuluma nsalu. Anandiuza okha kuti ndiimbire asisita. Mlingo unakwera, n'kukweranso, kupitirira pamene unafika poyamba, ndipo sanatsutse. Ululu wina unali wotentha, wotsika ndi mwendo ngati moto, umene mofini sankaugwira bwino. Asisita anati umenewo ndi wa mtsempha wopanikizika, nawonjezera kapilisi kena ka pogona. Sindinganene kuti ululu unatheratu. Panali masiku oipa, makamaka powatembenuza ndi powasambitsa, ndipo ndinaphunzira kuwapatsa mlingo wapadera tisanayambe kuwagwira. Koma sanagwadenso pansi. Mvula ya chaka chachiwiri itayandikira, asisita anaonetsetsa kuti tili ndi mankhwala okwanira, poopa kuti mitsinje ikadzaza njinga yawo sidzadutsa.

Alamu anga anasamukira kwathu m'masabata omaliza. Poyamba ankatuluka ndikatenga sirinji. Kenako anayamba kuwagwira mutu achimwene awo pamene ndikuthira. Tsiku lina foni inalira ine ndili kumjigo, ndipo anandithamangira ndi mpango m'manja akukuwa kuti fotini awazi yakwana, ndikuchedwa chiyani.

Atasiya kumeza bwino, ndinkawadonthezera pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya, monga asisita anandionetsera. Anamwalira m'mawa, m'nyengo ya mango, ali pabedi lawo, ana onse alipo. Dzulo lake anali atayamwako bango limene alamu anawafinyira, nadandaula kuti ndi losapsa.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinatsegula sutikesi kuti ndichotse zotsala. M'botolo munali mankhwala pafupifupi theka. Alamu anali kumanga katundu wawo kuti abwerere ku Mnkhanya. Anaima pakhomo akundiyang'ana, kenako anatsitsa mawu.

"Mulamu, amenewo mutaya?"

"Ndibweza kuchipatala. Asisita anati otsala abwerere."

"Mundigawireko pang'ono. Mawondo angawa sandigonetsa."

Ndinawayang'ana, iwo nayang'ana pansi, ndipo tonse tinaseka, koyamba chichitikireni maliro. Ndinawauza kuti sindingathe. Mlingo umene achimwene awo anafikapo unali wa thupi lozolowera, ndipo kwa munthu amene sanamwepo ungathe kumugoneka osadzukanso. Ndinati mawondo ali ndi mankhwala ake, tipite limodzi akawaone.

Tinapita m'mawa mwake, tikukankha njinga chifukwa msewu unali matope okhaokha. Asisita analandira botolo, naliyang'ana pakuwala, nalitsekera m'kabati. Anandigwira manja onse awiri kwa kanthawi. Kenako anawauza alamu kuti akwere pabedi akweze chitenje. Anawadina mawondo, nawafunsa ngati ali ndi vuto la zilonda za m'mimba kapena la impso, n'kuwapatsa panado ndi mafuta opaka. Alamu anayang'ana timapilisito m'dzanja mwawo, nati panado ali naye kale kunyumba. Asisita anati amwe kaye moyenera kwa masabata awiri, akapanda kusintha abwerenso.

Tinasiyana pamphambano. Iwo anakwera njinga kulowera ku Mnkhanya, akudandaulabe za panado, ine ndinabwerera kunyumba kukachapa zofunda.